Mbiri ya Ntchito: "Ndinachita" Kapena "Anachita"?

Buku la William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, limene linatuluka mu 2009, limanena za munthu mmodzi m'mawu a mitundu iwiri. M'kati mwake, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu akudzisimbira yekha nkhani: mmene njala inamutulutsira m'sukulu, mmene ankakhalira m'laibulale, ndi mmene anamangira makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale ndi zitsulo zotayidwa. Koma pachikuto, pa mizere yochepa yofotokoza za alembi, mawu asintha. Pamenepo Kamkwamba ndi mnzake wolemba naye, Bryan Mealer, akutchulidwa mayina monga alendo amene wina akuwaonetsa kwa anthu.

Palibe amene amadabwa nazo. Wowerenga amazindikira, ngakhale sanaphunzitsidwe, kuti m'kati mwa buku akulankhula ndi mlembi, pamene pachikuto akulankhula ndi amene anasindikiza bukulo. Chimene ambiri sadziwa n'choti timizere tapachikuto totere kawirikawiri amalemba ndi mlembi yemweyo, atapemphedwa ndi osindikiza. Amadzilemba yekha, koma amayika mawuwo m'kamwa mwa wina.

Masiku ano pempho lotere silikufikira olemba mabuku okha. Mphunzitsi amene wayitanidwa kukalankhula pamsonkhano, namwino amene akufunsira thandizo la maphunziro, woyimba amene dzina lake likalowe m'kabuku ka mwambo, mayi wa bizinesi amene akutsegula tsamba la malonda ake, onsewa amauzidwa kuti atumize mbiri yawo yachidule. Ndipo asanamalize ngakhale mzere woyamba, amayima pa funso limodzi: alembe kuti "ndine mphunzitsi", kapena alembe dzina lawo n'kupitiriza kuti "ndi mphunzitsi"?

Mawuwo adzatuluka pakamwa pa yani?

Anthu ambiri amasankha potengera mmene akudzimvera. Wamanyazi amathawira ku "anachita" chifukwa kunena kuti "ndinachita" kumamveka ngati kudzitama. Wina amakana "anachita" chifukwa amaona ngati akudzisandutsa bwana wokhala ndi mlembi wake. Onse awiri akuyang'ana kolakwika, chifukwa nkhani yagona pa malo amene mbiriyo ikupita komanso pa amene wowerenga adzamuone ngati wolankhula.

Pamwambo uliwonse, kaya ndi wopereka masatifiketi kaya wotsegulira mjigo, mlendo wolemekezeka sayimirira n'kuyamba kutchula yekha masukulu amene anapitako. Ntchito imeneyo ndi ya wotsogolera mwambo. Iye ndiye amati, "Mlendo wathu lero ndi a Uje, amene anaphunzira kwakuti, ndipo atumikira kwakuti." Mlendoyo akapatsidwa mpata, amayamba ndi moni n'kulankhula monga mwini wake. Mbiri yolembedwa imatsata mwambo womwewo. Ikakhala kuti ikaperekedwa ndi wina, kaya bungwe, mkonzi wa magazini kapena wokonza msonkhano, ilembedwe ndi dzina komanso "anachita". Ikakhala pamalo pamene wowerenga akudziwa kuti mwini wake ndiye wagwira cholembera, ilembedwe ndi "ndinachita".

N'chifukwa chake kabuku ka msonkhano, chikuto cha buku, mizere ya pansi pa nkhani ya m'nyuzipepala, tsamba loonetsa ogwira ntchito pakampani ndi chikalata chopita kwa atolankhani zimafuna mbiri yotchula dzina. Magazini a akatswiri a zamagetsi a bungwe la IEEE ndi chitsanzo chodziwika: kumapeto kwa nkhani zambiri kumakhala chithunzi cha mlembi ndi ndime yofotokoza madigiri ake, zaka zimene anawalandira ndi kumene akugwira ntchito, zonse m'mawu a munthu wapadera.

Mbiri yotere ili ndi ubwino wina umene suoneka msanga. Mtolankhani kapena wotsogolera mwambo angathe kuyitenga mmene ilili n'kuyiwerenga kapena kuyisindikiza osasintha liwu lililonse. Akalandira ya "ndine", ayenera kuyitembenuza yekha, ndipo potembenuza mothamanga ndi pomwe udindo umasokonekera, chaka chimasintha, dzina la sukulu limalembedwa molakwika. Komanso, dzina likakhala m'chiganizo choyamba, ndimeyo ingathe kudulidwa n'kukaikidwa kwina koma wowerenga adzadziwabe kuti ikunena za yani.

Kumbali inayo kuli kalata yofunsira ntchito, nkhani yofotokoza chifukwa chimene munthu akufunira thandizo la maphunziro, ndi tsamba la munthu pa LinkedIn. Apa aliyense amadziwa kuti mwini wake ndiye walemba. Ofufuza a zaumoyo amene amapempha ndalama ku bungwe la boma la Amereka la National Institutes of Health amaidziwa bwino nkhaniyi. M'chikalata cha mbiri ya wofufuza, masukulu ndi maudindo zimangondandalikidwa, koma pamene munthu akufotokoza chifukwa chimene akuyenerera ntchito imene akupempherayo, mwambo wake ndi kulemba monga mwini wake.

Katundu amene mawu aliwonse angasenze

Kusankha sikuthera pa kusintha "ndi" kukhala "a" kumayambiriro kwa mneni. Mitundu iwiriyi imanyamula zinthu zosiyana.

Mbiri ya "anachita" imanyamula bwino zinthu zimene munthu wapadera angathe kuzitsimikiza: digiri, udindo, mphoto, mabuku, zaka. Chiganizo chakuti "analandira mphoto ya mphunzitsi wopambana m'boma lonse" chimamveka ngati nkhani chabe. Chomwecho chikalembedwa kuti "ndinalandira", n'kutsatana ndi "ndinapambana", "ndinasankhidwa", "ndinatamandidwa", wowerenga amayamba kutopa asanafike pakati.

Koma mbiri ya "anachita" imalephera ikafika pa za mumtima. Munthu akalemba kuti "amakonda ana ndi mtima wake wonse" kapena "amakhulupirira kuti mlimi aliyense akhoza kulemera", wowerenga watcheru amafunsa kuti wolankhulayu walowa bwanji mumtima mwa mnzake. Pomwepo amazindikira kuti mwini wake ndiye wabisala kumbuyo kwa mawuwo. Zifukwa, zolinga ndi zimene munthu waphunzira pantchito zimakhala bwino m'kamwa mwa mwini wake. Ndi "ndinachita" yekha amenenso angathe kuyitana wowerenga kuti "ndilembereni" kapena "bwerani tidzakambirane".

Pali chenjezo lakale pa nkhani imeneyi. Juliyasi Kaisara, mkulu wa asilikali a Roma, analemba yekha mbiri ya nkhondo zimene anamenya ku Gaul, dera limene mbali yake yaikulu lero ndi dziko la France, kuyambira chaka cha 58 Khristu asanabadwe. Pofotokoza zochita zake, ankalemba kuti Kaisara anachita chakuti, Kaisara analamula chakuti. Kalembedwe kameneka kanapangitsa kuti nkhani yake izimveka ngati lipoti la munthu wopanda mbali, chonsecho wolemba anali mwini nkhani amene ankafuna kuti anthu a ku Roma amuone bwino. Mphamvu imeneyi ikadalipo m'mbiri iliyonse yotchula dzina, ndipo n'chifukwa chake imafunika kuigwira mosamala. Bodza kapena kukokomeza kolembedwa ndi "anachita" kumaoneka ngati umboni wa bungwe limene lasindikiza, ndipo kukaululika kumachititsa manyazi onse awiri.

Mzamba mmodzi, mapempho atatu

Tiyerekeze mzamba wina, timutche Mayi Uje, amene walandira mapempho atatu m'mwezi umodzi. Okonza msonkhano wa azaumoyo ku Lilongwe akufuna mawu osapitirira 60 oti alowe m'kabuku ka msonkhano. Mnzake wamulangiza kuti akonze tsamba lake pa LinkedIn. Ndipo akufunsira thandizo loti akapitirize maphunziro.

Choyamba chimene ayenera kuchita si kulemba ziganizo ayi, koma kulemba mndandanda wa mfundo zosatsutsika. Anamaliza maphunziro ku Kamuzu College of Nursing mu 2012. Wakhala akugwira ntchito m'boma la Dedza kuyambira 2013. Amayang'anira chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane. Amaphunzitsa azamba ena chisamaliro cha kangaru, njira yosunga khanda lochepa thupi pachifuwa cha mayi ake, khungu kwa khungu, imene inayambira mumzinda wa Bogotá ku Colombia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mfundo zinayi zimenezi ndizo zidzalowe m'mbiri zonse zitatu.

Ya kumsonkhano ingakhale motere:

"Mayi Uje ndi namwino komanso mzamba amene akhala akugwira ntchito m'boma la Dedza kuyambira 2013. Anaphunzira ku Kamuzu College of Nursing, imene tsopano ili gawo la Kamuzu University of Health Sciences. Amayang'anira chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, ndipo amaphunzitsa azamba anzawo chisamaliro cha kangaru. Pamsonkhano uno alankhula za mmene agogo ndi abambo angathandizire pa chisamalirochi."

Ndimeyi ikuyamba ndi dzina ndi ntchito ya lero, chifukwa munthu amene wagwira kabuku akufuna kudziwa msanga ngati wolankhulayo ndi woyenera kumumvera. Mulibe mawu oyamikira ngati "waluso" kapena "wodzipereka". Dzina la sukulu lalembedwa mmene lilili pa satifiketi, kenako pafotokozedwa za kusintha kumene kunachitika mu 2021, pamene koleji imeneyi inaphatikizidwa ndi College of Medicine. Chiganizo chomaliza chikumangirira mbiriyo ku msonkhano womwewo, ndipo ndicho chokha chimene chidzafunike kusintha akadzayitanidwa kwina.

Ya pa LinkedIn ingayambe chonchi:

"Ndine namwino komanso mzamba, ndipo ntchito yanga yaikulu ndi yosamalira ana obadwa masiku asanakwane. Ndinayamba kuphunzitsa chisamaliro cha kangaru nditaona kuti magetsi akazima, makina otenthetsera makanda amazimanso, koma chifuwa cha mayi chimakhalabe chofunda. Kuyambira 2013 ndakhala ndikugwira ntchito m'boma la Dedza. Ngati chipatala chanu chikufuna kuyamba kapena kulimbitsa ntchito imeneyi, ndilembereni tikambirane."

Mfundo zake n'zomwe zija, koma dongosolo lasintha. Dzina lachoka, chifukwa lili kale pamwamba pa tsamba pamodzi ndi chithunzi. Sukulu yachoka, chifukwa ili ndi malo akeake m'munsi. M'malo mwake mwalowa chinthu chimene mbiri ya kumsonkhano sikanatha kunyamula, chomwe ndi chifukwa chimene mzambayu anasankhira njira imeneyi. Chiganizo cha magetsi chija chitalembedwa kuti "anayamba kuphunzitsa ataona kuti magetsi akazima", chikanamveka ngati nthano imene wina akusimba, ndipo chikanataya mphamvu ya munthu amene anaziona ndi maso ake.

Pempho lachitatu, la thandizo la maphunziro, likufunanso "ndinachita", koma lili ndi msampha wake. Munthu wakhalidwe amakonda kunena kuti "tinachita", chifukwa amadziwa kuti m'chipatala palibe amene amagwira ntchito yekha. Koma owerenga makalata otere akusankha munthu mmodzi, ndipo akufuna kudziwa chimene iyeyo anachita. Mayi Uje akalemba kuti "tinakhazikitsa chipinda cha kangaru", wowerenga sadziwa ngati anali mtsogoleri kapena anangopezekapo. Akalemba kuti "ndinachepetsa imfa za makanda", watenga yekha ulemu wa gulu lonse ndipo wanena chinthu chovuta kuchitsimikiza. Njira yoona ndi kugawa bwino ntchito: "Ndinalemba pempho kwa akuluakulu a chipatala, ndinaphunzitsa azamba asanu, ndipo pamodzi tinatsegula chipinda cha mabedi anayi." Apa "ndi" akuonetsa gawo lake, pamene "ti" akusunga anzake m'nkhaniyo.

Funso la ulemu

Wolemba m'Chichewa amakumana ndi mfundo ina ikangotha yoyambayo. Akasankha kudzitchula dzina, ayenera kusankhanso msinkhu wa ulemu. Kodi alembe kuti "Uje wagwira ntchito yake" kapena "a Uje agwira ntchito yawo"? Kodi "iye" kapena "iwo"?

Ambiri amachita nazo manyazi, chifukwa kudziyika "a" patsogolo pa dzina lako n'chinthu chimene munthu wolongosoka sachita polankhula. Koma yankho lili pa funso loyamba lija. Ngati mawuwo akawerengedwa mokweza ndi wotsogolera mwambo, kapena akamveka pa wailesi, ulemu ndi wofunika, chifukwa wowerengayo sangatchule mlendo wake dzina lopanda "a", "Mayi" kapena "Bambo" pamaso pa anthu. Atapatsidwa mbiri yopanda ulemu, adzayesa kuyikonza akuwerenga, ndipo adzapunthwa. Ulemu umene uli m'mbiriyo ndi wochokera kwa wowerenga kupita kwa mlendo, ngakhale kuti analemba ndi mlendoyo.

Ngati mawuwo akasindikizidwa, wolemba ayang'ane mmene magaziniyo kapena bungwelo limalembera za ena. Pali nyuzipepala zimene zimatchula anthu ndi dzina lokha n'kumati "iye", ngakhale akhale nduna, ndipo pali zofalitsa zina zimene sizisiya "a" ndi "iwo". Mbiri ya munthu mmodzi isakhale yosiyana ndi za anzake patsamba lomwelo.

Chachikulu ndi kusasakaniza. Mneni wa zakale monga "anaphunzira" sasonyeza msinkhu, choncho wolemba sazindikira msanga kuti waterereka. Zimaonekera pa timawu tina: "wakhala" ndi "akhala", "ntchito yake" ndi "ntchito yawo", "anzake" ndi "anzawo", "amene ali wamkulu wa" ndi "amene ali akulu a". Mbiri yoyamba ndi "Mayi Uje akhala" n'kudzamaliza ndi "iye ndi ana ake" imasonyeza kuti sinawerengedwenso. M'chitsanzo cha kumsonkhano chija, "akhala" ndi "anzawo" akuyendera limodzi mwadala.

Maudindo monga Dokotala, Pulofesa kapena Abusa amakhala bwino m'mbiri yotchula dzina, ndipo amatchulidwa kamodzi koyambirira. M'mbiri ya mwini wake, kuyamba ndi "Ine ndine Dokotala Uje" kumalemera. N'kwabwino kuti udindowo ukhale pamwamba pamodzi ndi dzina, ndipo ziganizo zinene za ntchito.

Zimene zimalakwika kawirikawiri

Cholakwa chofala kwambiri ndi kusintha mawu pakati pa ndime. Munthu amayamba bwino kuti "Bambo Uje ndi kalipentala wa ku Mzuzu", koma akafika pa zimene zimamusangalatsa amaiwala n'kulemba kuti "ndimakonda kugwiritsa ntchito matabwa a mlombwa". Nthawi zambiri izi zimabwera chifukwa cholumikiza zidutswa za mbiri zakale ziwiri. Njira yozigwirira ndi yosavuta: kudutsa m'ndime yonse ndi cholembera, n'kuyika mzere pansi pa chiyambi cha mneni aliyense. M'Chichewa mneni amaulula mwini wake, choncho "ndi" mmodzi pakati pa ma "a" amaonekera nthawi yomweyo.

Cholakwa chachiwiri chimagwera makamaka olemba m'Chichewa. Mbiri yotchula dzina imene anthu ambiri anazolowera kumva ndi ya pamaliro, imene imayamba ndi tsiku lobadwa, mudzi, mfumu ndi boma, n'kutsata sukulu ya pulayimale, ukwati ndi chiwerengero cha ana. Munthu akauzidwa kuti alembe mbiri yake ndi "anachita", dzanja limatsata lokha njira imeneyo. Zotsatira zake ndi ndime yodzaza "anabadwa", "anaphunzira", "anagwira", "anali", imene womva amadikira kuti ithere pa tsiku lomwalira. Mbiri ya ntchito imayamba ndi lero n'kubwerera m'mbuyo pang'ono pokha. Aneni ake ambiri akhale a nthawi ino, monga "amaphunzitsa", "amayang'anira", "akulemba". Mudzi ndi banja zilowe pokhapokha ngati zikukhudza ntchitoyo, monga mmene zingakhalire kwa woyimba nyimbo za makolo a kwawo.

Chachitatu ndi kudzaza mbiri ndi mawu oyamikira. Ena akangozindikira kuti akulankhulira m'kamwa mwa wina, amamasuka n'kulemba kuti "katswiri wodziwika padziko lonse" kapena "mtsogoleri wamasomphenya". Kuyesa kwake ndi kufunsa ngati mlendo atha kupeza umboni wa mawuwo. "Wodziwika" alibe umboni, pamene "analemba mabuku awiri" ali nawo. Mawu aliwonse oyamikira amene mwini wake angachite manyazi kuwanena ndi "ndine" pamaso pa anzake a kuntchito achotsedwe, ndipo m'malo mwake mulowe chimene anachita.

Chachinayi ndi kuwerenga zaka m'malo motchula chaka. Mbiri imene ikuti "wagwira ntchito zaka 12" imakhala yoona chaka chimodzi chokha, koma timabuku ndi masamba amakhala nthawi yaitali osasinthidwa. "Kuyambira 2013" sikalamba.

Ndipo pali cholakwa cha malo. Mbiri yotchula dzina ikaikidwa patsamba limene aliyense akudziwa kuti ndi la mwini wake imamutalikitsa kwa owerenga. Telala amene akulemba patsamba la malonda ake kuti "Mayi Uje amasoka mikanjo yaukwati", pansi pake n'kumayankha makasitomala kuti "bwerani Lachitatu mudzayese", akuoneka ngati anthu awiri. Kasitomala akufuna kudziwa kuti akulankhula ndi amene adzagwire nsalu yake. Izi zimasintha bizinesi ikakula n'kukhala ndi antchito angapo. Pamenepo tsamba limalankhula ndi "ti", monga "timasoka", ndipo mbiri ya amene anayambitsa ikhoza kutchula dzina, popeza tsopano kampani ndiyo ikumuonetsa.

Pamene malo ndi ochepa

Kutalika kwa malo kumathandizanso kusankha. Gawo la About pa LinkedIn limalandira zilembo 2,600, malo okwanira ndime zingapo, ngakhale kuti wowerenga amayamba waona mizere yoyambirira yokha, choncho chiganizo choyamba chiyenera kunena ntchito mosazungulira. Pa X malo a mbiri ndi zilembo 160, ndipo pa Instagram ndi 150. M'malo opanikiza motere, ziganizo zathunthu zimadya malo, ndipo anthu ambiri amatsata njira yachitatu, yosatchula wolankhula konse: "Namwino ndi mzamba, Dedza. Mphunzitsi wa chisamaliro cha kangaru."

Njira yomweyi ndi imene imagwira ntchito m'chikalata cha maphunziro ndi ntchito chimene ambiri amachitcha CV. Pofotokoza ntchito za udindo uliwonse, wolemba m'Chichewa angagwiritse ntchito aneni oyamba ndi "ku": kuyang'anira chipinda cha makanda, kuphunzitsa azamba, kulemba malipoti a mwezi. Mizere yotere siikuti "ine" kapena "iye", ndipo imawerengeka msanga. Malire ake ndi oti singanyamule chifukwa kapena nkhani, choncho siingalowe m'malo mwa kalata yofunsira ntchito, ndiponso siingawerengedwe mokweza pamwambo.

Pempho likakhala losamveka

Nthawi zambiri wopempha amangoti "titumizireni mbiri yanu yachidule", osanena zina. Pali njira zitatu zopezera yankho, ndipo zonse n'zachangu. Yoyamba ndi kuyang'ana kabuku ka msonkhano wa chaka chatha, kapena mbiri za ena patsamba lomwelo, n'kutsata mmene zalembedwera. Yachiwiri ndi kufunsa wopemphayo mafunso atatu: mawu angati, chinenero chiti, ndipo ikasindikizidwa kapena ikawerengedwa mokweza. Yachitatu ndi kuyesa ndi pakamwa. Wolemba ayambe ndi mawu akuti "Mlendo wathu lero ndi", n'kuwerenga ndime yake mokweza. Kenako ayerekeze kuti wapereka moni kwa munthu amene wakhala naye patebulo, n'kuwerenganso. Poganizira malo amene mbiriyo ikupita, chimodzi mwa ziwirizi chidzamveka choyenera ndipo chinacho chidzakhala chachilendo m'makutu.

Ngati zonsezi zalephereka ndipo wopempha ndi bungwe, kutumiza yotchula dzina n'kotetezeka, chifukwa ndi imene angagwiritse ntchito osayikonza.

Kwa munthu amene amalandira mapempho otere pafupipafupi, ntchito imapepuka akasunga zinthu zitatu pamalo amodzi: mndandanda wa mfundo zosatsutsika ndi zaka zake, mbiri yotchula dzina ya mawu pafupifupi 60 ndi ina yotalikirapo, komanso ya mwini wake ya ndime ziwiri kapena zitatu. Udindo ukasintha, ayambe wakonza mndandanda wa mfundo, kenako mbiri zinazo, kuti zimene zili m'kabuku ka msonkhano zisatsutsane ndi zimene zili patsamba lake. Ngati mbiriyo ikufunika m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ya Chichewa ailembe payokha ndipo aiwerengere mokweza munthu wina asanaitumize, kuti "wakhala" ndi "akhala", "yake" ndi "yawo" zimveke ngati zikugwirizana kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza.